Positi yoti timagulitsa mafoni akuba, ndi momwe inachokera

## Uthenga wa kasitomala

Amene anandidziwitsa anali kasitomala wanga wakalekale. Ananditumizira chithunzi cha sikirini ya foni yake, pansi pake n'kungolemba kuti, "Mwaiona iyi?"

Inali positi mu gulupu ina yaikulu ya pa Facebook, ya anthu ogula ndi kugulitsa. Akaunti imene inalemba sindinkaidziwa. Panali chithunzi cha khomo la shopu yanga, dzina likuwerengeka bwinobwino, ndi chithunzi china cha mtsikana amene amandithandiza pa kauntala, chojambulidwa iye asakudziwa, ataweramira foni imene ankamasula. Mawu ake ankati shopu imeneyi imagulitsa mafoni akuba, machaja ake ndi achinyengo, ndipo mtsikanayu ndiye amalandira katunduyo usiku. Kumapeto anaika nambala ya mtsikanayo, yakeyake osati ya shopu, n'kulemba kuti, "Muimbireni, adziwe kuti tamutulukira."

Ine ntchito yanga ndi kukonza mafoni, ndipo ndimagulitsa machaja, mabatire ndi masikirini. Foni yathunthu, yatsopano kaya yakale, sinatulukepo pa kauntala yanga ngati malonda.

Pofika m'mawa nkhani inali itawolokera ku Google. Kumeneko tinali ndi ndemanga 20 za makasitomala, avereji yake nyenyezi 4.5 pa zisanu. Usiku umenewo munalowa ndemanga 8 za nyenyezi imodzi, avereji n'kugwera pa 3.5. Masamu ake ndi osavuta, ndipo ndi amene amapweteka mashopu ang'onoang'ono: amene ali ndi ndemanga mazanamazana sangamve n'komwe kuti kwabwera anthu 8 okwiya, koma ife tinataya nyenyezi yathunthu tili m'tulo. Foni ya mtsikana uja inkangolira, mpaka anaizimitsa.

## Alamu anapempha pepala

Mlamu wanga wakhala adimini wa gulupu ina yaikulu kwa zaka zambiri, ndiye madandaulo a anthu amawawerenga tsiku lililonse. Anafika ku shopu nditalemba kale kalata yaitali mu foni, yoti nditumize kulikonse kumene kuli batani lodandaulira. M'kalatamo ndinafotokoza mmene ndinayambira bizinesi, mmene ndimalemekezera makasitomala, ndi mmene bodzali latipwetekera.

Anaiwerenga yonse osanena kanthu. Kenako anati, "Alamu, zonsezi n'zoona. Koma amene akawerenge kumeneko sakudziwani inu, samudziwa wolembayo, ndipo sangabwere kudzasuzumira m'madirowa mwanu kuti aone ngati muli foni yakuba. Mukamuuza kuti ndi bodza, iye atsimikiza bwanji?"

Ndinati, "Ndiye basi lizingokhala pamenepo?"

"Ayi. Ndipatseni pepala."

Anatembenuza lisiti yakale, n'kujambula mizere iwiri, pepala n'kukhala ndi magawo atatu. Anayamba kuwerenga positi ija chiganizo chimodzichimodzi, ngati mwana wa sukulu, chilichonse n'kuchiika pagawo lake.

Mawu oti machaja ndi achinyengo, ndiponso komenti ina yoti timalandira anthu mwamwano, anawaika pagawo loyamba. "Awa ndi maganizo a munthu. Kaya akukupwetekani bwanji, sachoka. Aiwaleni kaye."

Mawu oti timagulitsa mafoni akuba anawaika pagawo lachiwiri. "Ichi n'chinthu chimene chingatsimikizidwe kuti n'choona kapena chabodza. Koma wotsimikiza si Facebook. Iyi ndi nkhani ya malamulo a dziko, ili ndi njira yakeyake, ndipo njirayo ndi yaitali."

Atafika pa nambala ya mtsikana, chithunzi chake ndi mawu oti muimbireni, anazunguliza ndi cholembera kawiri. "Apa ndiye pali nkhani yanu. Apa palibe chofufuza. Aliyense wotsegula positiyi akuona ndi maso ake kuti munthu wamba waikidwa poyera, nambala yake yaperekedwa, ndipo anthu akutumidwa kuti akamuvutitse. Malamulo awo amaletsa zimenezi, kaya mumagulitsadi mafoni akuba kaya ayi."

Mawu omalizawo anandiwawa, chifukwa ine chimene ndinkafuna n'choti wina anene kuti sindine wakuba. Alamu anaona nkhope yanga n'kuseka pang'ono. Anati makampani ngati Facebook ndi Google ali ngati woimbira mpira: safunsa kuti ndi timu iti ili ndi anthu abwino, amangoona ngati wina wagwira mpira ndi dzanja. Kuyambira tsiku limenelo, ndikaona cholembedwa choipa chokhudza shopu, sindiyamba ndi funso loti kodi n'choona. Ndimayamba ndi loti: ndi lamulo liti la pamalo ano limene chathyola, ndipo munthu wosandidziwa angalione bwanji popanda kukhulupirira mawu anga?

Izi si nkhambakamwa za alamu chabe. Google inalemba yokha pa masamba ake othandiza eni mabizinesi kuti silowerera pamene wamalonda ndi kasitomala akutsutsana pa zimene zinachitika, chifukwa palibe njira yodalirika yodziwira amene akunena zoona. Palinso chifukwa china chimene chimawapatsa mphwayi yoweruza. Ambiri mwa makampaniwa ndi a ku America, ndipo kumeneko lamulo la 1996, pa gawo lotchedwa Section 230, limati kampani yosunga zolemba za anthu ena isatengedwe ngati ndiyo yalemba. Mlandu wa bodza ndi wa wolemba.

## Jambulani kaye, musanadandaule

Tisanadine batani lililonse, alamu anandiuza kuti tisunge umboni. Ndinadabwa, poti cholinga chinali choti positi ichoke msanga. Koma positi ikachoka, imapita ndi umboni wonse. Mawa lake mukafuna kupita kwa loya, kapena munthu yemweyo akayambiranso ndi akaunti ina, mudzasonyeza chiyani?

Chithunzi cha sikirini pachokha n'chopepuka, chifukwa aliyense akhoza kupanga chabodza. Choncho tinajambula positi yonse, dzina la akaunti ndi la gulupu zikuoneka, komanso tsiku. Tinatenga linki ya positiyo, ndi linki ya akaunti ya wolembayo, chifukwa dzina munthu amatha kusintha koma linki imathandiza kumulondola. Kenako tinajambula vidiyo ya sikirini, kuyambira pamwamba pa gulupu, kutsegula positi, kutsika ndi makomenti onse mpaka pansi. Mtsikana uja anayatsa foni yake, tinajambula mndandanda wa manambala amene anamuimbira ndi mauthenga achipongwe amene analowa, nthawi yake ikuoneka. Ku Google tinachita chimodzimodzi: ndemanga iliyonse payokha, kenako kudina dzina la wolemba kuti tione zina zimene analembapo.

Zonsezi tinaziika mu foda imodzi, ndipo kope lina ndinadzitumizira pa imelo.

## Chitseko chapafupi ndi adimini

Anthu ambiri amathamangira kwa Facebook, kuiwala kuti mu gulupu muli anthu amene ali ndi mphamvu yochotsa positi nthawi yomweyo, osafunsa aliyense. Pa timadontho titatu ta pamwamba pa positi pamakhala mwayi wodandaula kwa maadimini a gulupu, wosiyana ndi wodandaula kwa kampani. Dziwani kuti mukadandaula kwa maadimini iwo amaona kuti ndinu mwadandaula, pamene dandaulo wamba lopita kwa Facebook silimuuza wolembayo dzina lanu.

Alamu anati batani lokha silikwanira, chifukwa mu gulupu yaikulu madandaulo amaunjikana. Tinayang'ana pa mndandanda wa mamembala, tinapeza maadimini, n'kulembera mmodzi amene ankaoneka kuti amalowa kawirikawiri. Uthenga wake unali waufupi: moni, linki, ndi chiganizo chimodzi choti positiyi ili ndi chithunzi ndi nambala ya munthu wamba ndipo anthu ayamba kale kumuimbira ndi kumutukwana. Tinaphatikizapo chithunzi cha mauthenga aja. Sitinatchule za khoti, sitinaopseze. Adimini ndi munthu wongodzipereka, salipidwa, ndipo ukamulowera ndi ukali amayamba kuteteza gulupu yake m'malo moona vuto lako.

Anaichotsa madzulo omwewo. Koma wolemba uja anali ataiikanso pa tsamba lake, poyera, ndipo anthu ena anali ataigawa kuchokera pamenepo. Kumeneko kulibe adimini.

Apa panali chinthu chimene sindikanachidziwa pandekha. Malamulo a Meta, kampani imene ndi mwini wa Facebook, otchedwa Community Standards, pa nkhani yovutitsa ena amateteza kwambiri anthu, makamaka anthu wamba. Dzina la shopu siliona chitetezo chotere. Ndiponso pa zinthu zina amafuna kuti wodandaula akhale mwiniwake amene wavutitsidwa, chifukwa ndiye angatsimikize kuti zimenezi sakuzifuna. Choncho dandaulo lamphamvu silinali langa. Linali la mtsikana uja, kuchokera pa akaunti yake, posankha chifukwa chokhudza kuvutitsa munthu ndi kuulutsa zinthu zake zachinsinsi, n'kusonyeza kuti wovutitsidwayo ndi iyeyo. Mayina a mabataniwa amasinthasintha, koma nzeru yake ndi yomweyo: sankhani chifukwa chimene chikuoneka m'positimo. Yankho limabwera mu Support Inbox, bokosi la mayankho a madandaulo pa akaunti yanu, ndipo akayankha kuti sanapeze cholakwika, nthawi zambiri pamakhala mwayi wopempha kuti aunikenso. Positi ya pa tsamba lake inachoka kudzera njira imeneyi, ndipo zimene anthu anagawa kuchokera pa iyo zinatsala zopanda kanthu mkati.

Abale ena ankati tisonkhanitse anthu ambiri adandaule onse pakamodzi. Facebook imanena poyera kuti kuchuluka kwa madandaulo sikuchititsa kuti chinthu chichotsedwe. Anthu makumi asanu osankha chifukwa cholakwika amangolandira yankho lomwelo kamakumi asanu.

Za pa tsamba la shopu yanu la pa Facebook sizivuta kwenikweni. Komenti ya pansi pa positi yanu mungaibise, kuifufuta, kapena kumutsekera wolembayo. Ndemanga za mu gawo la Reviews simungafufute imodziimodzi. Mungadandaule za imodzi, kapena kuzimitsa gawo lonselo, zabwino ndi zoipa zomwe n'kubisika limodzi. Ine ndinalizimitsa mpaka fumbi litakhazikika, kenako n'kuyatsanso.

## Nyenyezi za pa Google

Kuno ndiye kunafunika kudekha. Choyamba, shopu iyenera kukhala m'manja mwanu pa Google Business Profile, yotsimikizidwa kuti ndi yanu. Ngati simunachite zimenezi, chitani lero kukadali bata, chifukwa kutsimikiza kumatenga nthawi ndipo tsiku la mavuto simudzakhala ndi mtima wodikira.

Ndemanga iliyonse imadandauliridwa payokha. Pambali pake pali batani la Report review, ndipo limakufunsani chifukwa. Tinabwereranso ku pepala la alamu, n'kuziunika zonse 8 imodziimodzi.

Zitatu zinali ndi mawu ofanana ndendende, mpaka chilembo cholakwika pamalo amodzimodzi, ndipo maakaunti ake analibe ndemanga ina iliyonse. Malamulo a Google amafuna kuti ndemanga ichokere pa zimene munthu wakumana nazo yekha pamalopo, ndipo zolembedwa mobwereza kuchokera ku maakaunti angapo amaziika m'gulu la zachinyengo. Izi tinasankha Spam.

Ziwiri zinadziulula zokha. Ina inati, "Sindinapiteko koma ndaona pa Facebook kuti ndi akuba." Munthu wotere wakuchitirani theka la ntchito, chifukwa wavomera yekha kuti sanakhalepo kasitomala.

Imodzi inali ya mnyamata amene anagwirapo ntchito kwa ine kale, ndipo tinasiyana mosasangalatsa. Analemba kuti, "Ndinagwirako ntchito, ndikudziwa zonse." Iye ankaona ngati mawu amenewa awonjezera mphamvu, koma ndi amene anaigwetsa. Google salola munthu kulemba ndemanga za malo amene akugwirako kapena anagwirako ntchito, ngakhalenso za wopikisana naye malonda. Chifukwa chake pa mndandanda chimalembedwa Conflict of interest.

Ziwiri zotsala zinali nyenyezi imodzi basi, popanda liwu. Zimenezi ndiye zovuta kuposa zonse, chifukwa mulibe chimene mungaloze.

Mukatumiza, pali tsamba lotchedwa Reviews Management Tool pamene mumaona pamene dandaulo lafika. Likalemba Decision pending, sanaweruzebe. Likalemba Report reviewed - no policy violation, aona koma sanapeze lamulo lothyoledwa. Zitatu zofanana zija ndi ya "sindinapiteko" zinachoka pa ulendo woyamba. Zina zinayi zinabwera ndi yankho loti palibe cholakwa.

Apa ndi pamene anthu amataya mwayi wawo. Apilo ilipo, koma ndi ya kamodzi kokha pa ndemanga iliyonse, ndipo mungasankhe ndemanga mpaka 10 pa apilo imodzi. Kusiyana kwake ndi dandaulo loyamba n'kwakuti pano mumapatsidwa malo olembapo. Munthu akadali ndi ukali amathira m'malo amenewa mbiri yonse ya moyo wake, mwayi n'kupita. Alamu anandiletsa kulemba tsiku lomwelo. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha, tilembe mawa.

Tinalemba mwachidule, ndemanga iliyonse ndime yake: dzina la akaunti, tsiku, lamulo limene yathyola, ndi umboni umene wowerenga angauone yekha. Pa ya mnyamata uja tinangokopera chiganizo chake choti anagwirako ntchito. Pa yachiwiri ya wongomva, tinaloza mawu ake oti "akuti", n'kunena kuti ikukamba za kugulitsa mafoni, malonda amene sali pa mndandanda wa ntchito za shopu. Pa ziwiri zopanda mawu tinasonyeza nthawi: zinalowa usiku umodzimodzi ndi zinayi zimene Google inali itachotsa kale, patangopita maola ochepa positi ya pa Facebook itatuluka, pamene shopu imatha mwezi osalandira ndemanga ngakhale imodzi.

Chimene sitinatsamirepo ndi mawu oti "dzina ili mulibe m'buku langa la makasitomala". Aliyense amafuna kunena zimenezi, koma n'zopepuka. Anthu amalemba ndi mayina ongopeka, ena amatumidwa ndi abale awo, ndipo munthu amene anangolowa n'kufunsa mtengo n'kutuluka amaloledwa kulemba mmene anamulandirira. Buku lanu wowerenga apiloyo sangalione.

Apilo ikalowa, tsamba lija limalemba Escalated, ndipo yankho limabwera pa imelo. Zitatu zinachoka. Imodzi yopanda mawu inatsala, ndipo ilipo mpaka lero.

Pa masiku odikirawo mnzanga wina anati auze anthu a kwawo alembe za nyenyezi zisanu kuti tikwirire zoipazo. Ndinakana, ndipo ndikulangiza aliyense kukana. Chizindikiro chimene tinkaloza pa adani athu, ndemanga zambiri zolowa pakamodzi kuchokera kwa anthu osadziwika, ndi chomwecho chimene chikanaoneka pa ife. Google ikagwira shopu ikuchita zimenezi imatha kuchotsa ndemangazo, kuletsa zatsopano kwa kanthawi, ngakhale kuika chenjezo pa tsamba la shopu loti aliyense aone. Kupempha kasitomala weniweni kuti alembe zimene waona n'kololedwa, bola musamupatse mphatso kapena kumutsitsira mtengo chifukwa cha ndemangayo.

## Nanga mawu oti "akuba"?

Gawo lachiwiri la pepala lija silinafunike mpaka mapeto, poti positi inagwa ndi nambala ya foni. Koma ndinapitabe kwa loya kukafunsa, chifukwa ndinkaopa kuti munthuyo abweranso, ulendo uno atachenjera, osaika nambala kapena chithunzi.

Zimene ndinatolako ndi izi. Kuipitsa mbiri ya munthu, m'malamulo a mayiko ambiri, kumafuna kuti pakhale chinthu chonenedwa ngati choona, chimene n'chabodza, chofalitsidwa kwa ena, ndipo chowononga. "Amakonza mafoni moipa" ndi maganizo. "Anandigulitsa foni yakuba Lachiwiri" ndi chinthu choti chingayesedwe. Malire ake enieni amasiyana dziko ndi dziko, n'chifukwa chake pamafunika loya wa kwanuko.

Makampaniwa ali ndi mafomu apadera a nkhani za malamulo, osiyana ndi batani la pa positi. Google ili ndi fomu yodandaulira zinthu pa zifukwa za malamulo, ndipo Meta ili ndi fomu ya nkhani zoipitsa mbiri, imene kagwiridwe kake kamadalira dziko limene muli. Pa mafomuwa amafuna linki yeniyeni, mawu enieni amene mukuwatsutsa, ndi chifukwa chake akuthyola lamulo. Chimene chimawagwedeza kwambiri ndi chigamulo cha khoti chonena kuti mawuwo ndi osaloledwa. Ndipo akachitapo kanthu pa chifukwa cha lamulo la dziko, kawirikawiri amangobisa cholembedwacho m'dziko limenelo, kwina chikuonekabe.

Njira imeneyi si yachinsinsi. Google imatha kutumiza kope la dandaulo lotere ku nkhokwe yapoyera yotchedwa Lumen, ndipo wolembayo akhoza kudziwitsidwa za dandaulo lanu. Amene ali m'mayiko a European Union ali ndi poyambira pabwinopo: lamulo la Digital Services Act, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 17 Febuluwale 2024, limakakamiza makampaniwa kukhala ndi njira yolandirira madandaulo a zinthu zosaloledwa, kuyankha wodandaula, ndi kupereka mwayi wotsutsa chigamulo chawo.

Loya uja ananenanso chinthu chimene ndinachisunga. Ngati wolembayo mukumudziwa, kalata imodzi yofatsa, yotchula mawu abodzawo ndi kupempha kuti awachotse pofika tsiku lakuti, imagwira ntchito nthawi zambiri kuposa fomu iliyonse, chifukwa wolemba yekha ndiye angafufute zake popanda kudikira wina. Koma kalata yoopseza yopita kwa kasitomala weniweni amene wangodandaula imasanduka positi yatsopano, ndipo yachiwiriyo imayenda kuposa yoyamba.

## Ogulitsa chithandizo

Nyenyezi zitangogwa, mauthenga anayamba kulowa kuchokera kwa anthu osawadziwa, olonjeza kuti achotsa ndemanga zoipa zonse ndikawalipira. Mmodzi anachita kutchula mayina a maakaunti aja asanandifunse n'komwe.

Palibe munthu wa kunja amene ali ndi batani lofufutira ndemanga za ena. Woona mtima adzadina mabatani omwe aja amene inu mungadine mwaulere. Wachinyengo mwina ndi yemweyo amene analemba, ndipo mukalipira kamodzi wadziwa kuti mumalipira. Wina amapempha pasiwedi kapena kuti mumuike kukhala woyang'anira tsamba lanu, mawa lake tsamba si lanunso. Uthenga wonena kuti "lipirani tichotse" musaufufute. Ujambuleni, chifukwa ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse, ndipo Google ili ndi fomu yakeyake ya amalonda amene akuopsezedwa ndi ndemanga zoipa kuti apereke ndalama.

## Zimene sizichoka

Chithunzi cha positi ija chinayendanso pa WhatsApp, ndipo kumeneko manja athu anali afupi. Mauthenga a pa WhatsApp ndi otsekedwa moti kampaniyo siwawerenga, ndipo singalowe m'mafoni a anthu kukafufuta. Mukadandaula za munthu, a WhatsApp amalandira mauthenga osapitirira 5 omaliza amene munthuyo anakutumizirani, ndipo chimene angachite ndi kutseka akaunti yake. Wotumiza, kapena adimini wa gulupu, angafufute uthenga kwa onse mkati mwa masiku pafupifupi awiri. Tinapempha maadimini amene tinkawadziwa, ena anathandiza. Mtsikana uja anasintha nambala. Ndinamulipirira zonse, ndipo kwa kanthawi ankagwira ntchito kuseri, osati pa kauntala, mpaka iye mwini ananena kuti wakonzeka kubwerera.

Panatsalanso ndemanga ina imene sindinaiwerengere pa 8 zija. Inabwera sabata yomweyo, ya nyenyezi ziwiri, yochokera kwa mayi amene ndinamukumbukira bwino. Anati batire imene tinamuikira inayamba kutha msanga patangopita milungu yochepa. Chala changa chinali kale pa Report review, poti nthawi imeneyo chilichonse choipa ndinkachiona ngati chiwembu. Alamu anangofunsa kuti, "Imeneyi mukuiika pagawo liti?" Inalibe gawo lochotsera. Anali kasitomala weniweni, wonena zimene zinamuchitikira.

Ndemanga yotere imayankhidwa, ndipo yankho mumalembera anthu amene adzawerenge m'tsogolo koposa mwiniwakeyo. Simutchula zachinsinsi za kasitomala, simukangana naye, ndipo simulonjeza mphatso kuti afufute. Ndinalemba kuti: "Zikomo mayi potidziwitsa. Batire siyenera kutha choncho. Bwerani nayo foniyo pamodzi ndi lisiti, tiiyeze, ndipo ngati vuto lili pa batire tikusinthirani malinga ndi chitsimikizo chathu." Pansi pa ya nyenyezi imodzi yopanda mawu ija ndinaika chiganizo chimodzi, choti sitikudziwa chimene chinalakwika ndipo tikupempha wolembayo atiuze kudzera pa nambala ya shopu.

Mayi uja anabwera. Titayeza tinapeza kuti batireyo inalidi yofooka, ndipo tinamuikira ina. Ndemanga yake sanaisinthe, ndipo sindinamupemphe. Mabatire otsala a mtundu umenewo ndinawayeza onse, awiri anapezeka ndi vuto lomwelo, ndipo ndinawabweza kumene ndinawaoda.